Bambo a ana, za mawu a Loweruka aja

Bambo a ana anga,

Ndaona kuti kuyambira Lamulungu mukundiyang'ana ngati mukufuna kufunsa kanthu, kenako mukungofunsa za ndiwo. Inenso ndakhala ndikuyankha kuti ndili bwino pomwe sindili bwino. Ndiye ndaganiza zolemba, chifukwa ndikayamba kulankhula pakamwa misozi imatsogola, inu mumayamba kupepesa musanamve nkhani, ndipo timakagona tisanamvetsetsane. Muwerenge mukapuma kuntchito masana. Musathamangire kuyankha pafoni.

Ndiyambe ndi zomwe sizili mu uthengawu, kuti mtima ukhale pansi. Sindikuitanitsa ankhoswe. Sindinauze amayi kumudzi, ngakhale achemwali anga. Sindikukayika zoti mumandikonda, ndiponso ndikudziwa kuti simunadzuke Loweruka m'mawa ndi cholinga chondichititsa manyazi. Ndikungofuna mudziwe pomwe panapweteka, chifukwa ndikukhulupirira kuti simunapaone.

Tinali pakhonde kwa alamu ku Kawale, titamaliza kudya. Tinalipo akuluakulu asanu ndi atatu, kuphatikizapo anzawo a alamu awiri omwe ine ndinawaona koyamba tsiku lomwelo. Nkhani inali ya kukwera kwa fizi. Inu munati: "Ine ndiye ndimalipirira ana atatu. Koma wamkuluyu ndiye mutu wouma, mayeso a Folomu 4 adzalemba pamodzi ndi zidzukulu." Munandiloza ndi chibwano, anthu anaseka, inenso ndinaseka. Kuseka kwanga kuja musakuwerengere. Munthu akamasekedwa pa alendo kwa apongozi ake, njira yotulukira yomwe amakhala nayo ndi kuseka nawo basi. Ndikanakwinya nkhope, nkhani ikanasanduka yoti mkazi wa uje sadziwa macheza.

M'mawu amenewa muli zinthu zingapo, ndipo sizikupweteka mofanana.

Chaching'ono ndi mawu oti "ndimalipirira". Fizi ya ana awiri mumalipira ndinu, ndipo ndimathokoza. Koma K45,000 ya teremu yanga kusukulu ya masana imachokera m'beseni la mandasi. Ndimadzuka 4 koloko, ndimakazinga mandasi 80, ndimakasiya kugolosale ndi pasiteji, ndipo Lachisanu lililonse ndimaika pang'ono kubanki m'khonde. Ndalama yolembetsera mayeso ku MANEB inatuluka momwemo. Munandiwonjezera K10,000 ya makope mu Januwale, sindinaiwale. Koma alendo aja anachoka akudziwa kuti ndine katundu winanso pa malipiro anu. Izi zokha ndikanazimeza, mwina ndikanangokukumbutsani tikubwerera mu minibasi.

Chomwe chinandilasa kwenikweni ndi "mutu wouma". Mwina simukukumbukira komwe mawuwa anachokera. Masabata atatu apitawo ndinabwera ndi pepala la masamu nditapeza 31 pa 100. Ndinadikira kuti ana agone, ndinakuonetsani kuchipinda, ndipo ndinanena ndekha kuti mwina mutu wangawu unauma. Inu munandiyankha kuti ndisamalankhule choncho, munakhala nane mpaka 11 koloko tikubwereza mafunso aja. Usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo. Ndiye Loweruka nditamva mawu omwewo akutuluka pakamwa panu, pagulu, ndinamva ngati chitseko cha kuchipinda kwathu chatsegulidwa anthu ali pabwalo. Ndinakupatsani mawuwo kuti mundisungire. Vuto lake lili apa: tsopano ndikalephera pepala lina ndizizengereza kukuonetsani, ndizidzifunsa kaye kuti kodi limeneli likatulukira pakhonde la ndani. Ine sindikufuna kufika poti ndizibisa mapepala pansi pa matiresi m'nyumba mwanga momwe.

Muyeneranso kudziwa kuti nkhani ya sukuluyi kwa ine si yopepuka ngati momwe ilili kwa inu. Inu munamaliza Folomu 4 nthawi yake. Ine ndinasiyira Folomu 3 mu 2009 bambo atamwalira, osati chifukwa cholephera. Mukuzidziwa izi, koma mwina simudziwa momwe zimakhalira kulowa m'kalasi 2 koloko masana, ana ammawa akutuluka, ena a iwo amsinkhu wa mwana wathu, n'kumakuyang'ana ngati wabwera kudzaonana ndi ahedi. Tsiku lililonse ndimadutsa pageti paja nditamanga mtima. Kuti munthu apeze satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo ine ndikuwerenga zonsezi pakati pa mbaula ndi zochapa. Anthu ondiseka alipo kale okwanira. Amayi ena pampopi amanditcha "mwana wasukulu". Iwo sindiwalabadira, chifukwa sindigona nawo nyumba imodzi. Mawu omwewo akanena inu amalemera mosiyana.

Ndiye pali mwana. Simunamuone chifukwa anali kumbuyo kwanu, atanyamula beseni la madzi osamba m'manja. Anamva zonse. Sanaseke, anayang'ana pansi. Lolemba madzulo ndinamupempha kuti andithandize funso la sayansi monga timachitira, ndipo anandifunsa kuti, "Amayi, kodi adadi sakufuna kuti muziphunzira?" Ndinamuuza kuti munkangocheza. Anavomera ndi mutu, koma ndinaona kuti sanakhutire. Mtsikana wa Folomu 2 akuphunzira kwa ife zinthu ziwiri nthawi imodzi: momwe mwamuna amalankhulira za mkazi wake pagulu, ndi momwe anthu amamuonera mkazi wobwerera kusukulu. Mng'ono wake ndiye wayamba kale kuimba "mutu wouma" akamasewera panja, osadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Ndikudziwa zomwe mungayankhe, ndipo zina ndi zoona. Kwanu mumacheza choncho. Inu ndi achimwene anu mumanyogodolana kuyambira pa moni mpaka potsanzikana, ndipo palibe amakwiya. Asuweni anu akabwera kuchokera ku Dedza ndiye kumakhala phwete lokhalokha. Ineyo ndimakonda zimenezo, ndi chimodzi mwa zomwe zinandikopa kwa inu. Koma taonani momwe macheza a pachisuweni amayendera: wina akaponya, mnzake amabweza, ndipo onse ali ndi ufulu wofanana. Loweruka ine ndikanabweza bwanji? Ndikanati ndinene za ngongole ya njinga yamoto ija pamaso pa achimwene anu ndi alendo awo, anthu sakanati ndi nthabwala, akanati ndi mwano. Ndiye kunali kusereulana komwe mmodzi yekha ndiye anali ndi pakamwa.

Sindikunena kuti musiye kundiseka. Ndisekeni za nsima yanga yomwe imalimba ngati njerwa ndikapsa mtima. Ndisekeni za momwe ndimaimbira kwaya mokweza kuposa wina aliyense, kapena za mantha anga pa achule. Zimenezo ndimaseka nazo kuchokera pansi pa mtima, ngakhale pa anthu. Kusiyana kwake n'kosavuta kukugwira: ngati chinthucho ndinakuuzani ana atagona, kapena ndinakuuzani ndikulira, chimenecho si cha pakhonde. Pakadali pano zoterezi zilipo zitatu: sukulu yanga, za bambo anga, ndi za pathupi paja panachoka. Zinazo ndi zanu, sewerani nazo.

Tsono ndili ndi zopempha, ndipo si zambiri.

Mulankhule ndi mwana, inuyo nokha, ine palibe. Sipakufunika msonkhano. Mawa mukamamuperekeza kukakwera minibasi mungomuuza kuti mawu aja munalakwitsa, ndiponso kuti mumanyadira kuti amayi ake akuphunzira, ngati n'zoona kuti mumanyadira. Musamuuze kuti "amayi ako anakwiya", chifukwa akatero aphunzira kuti cholakwika chinali kukwiya kwanga. Wamng'onoyo mungomuletsa nyimbo ija, iye safuna kufotokozeredwa zambiri.

Kwa alamu musapiteko kukapepesa chifukwa cha ine, ndipo musawaimbire foni za nkhaniyi. Zikatero zikula, zifika kwa apongozi, ndipo ine ndidzakhala mkazi amene anadandaula chifukwa cha nthabwala. Koma mawu aja abwereranso, ndikudziwa. Akazi awo a alamu anditumizira kale uthenga Lachiwiri wondifunsa kuti "ana asukulu ali bwanji". Akadzawatchulanso inu mulipo, musaseke nawo. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Ayi, paja ndinalankhula molakwa, mayiwa akulimbikira ndipo fizi amadzilipirira okha." Mukatero musinthe nkhani. Zikachokera kwa inu zitha tsiku lomwelo. Zikachokera kwa ine zikhala nkhani ya chaka chonse.

Chinanso n'cha mtsogolo. Pakamwa pamaterereka, panganso pamaterereka. Tikakhala pa anthu ndipo nthabwala yayamba kulowera kolakwika, ndidzakufunsani kuti, "Bambo a ana, kodi foni yanga muli nayo?" Palibe adzadziwe kanthu, koma inu mudzadziwa kuti apo pakwana. Inunso musankhe mawu anu oti muzindiuza ine, chifukwa ndikukumbukira tsiku lija ndinanena za mimba yanu pamaso pa anzanu a kumpingo, munangoti chete njira yonse. Sindinakufunseni, ndipo ndinalakwa. Ngati zinakupwetekani mundiuze, ndimva.

Pomaliza, za kupepesa. Lamulungu usiku munati, "Ngati wakhumudwa, pepa, koma zinali zocheza." Ndinamva kuti mukuyesa, koma mawu amenewo sanandifike. "Ngati" uja amaonetsa kuti mwina palibe chinachitika, ndipo "koma" amabweza pepa yense. Sindikufuna chitenje chatsopano kapena nkhuku ya Lamulungu. Ndikufuna kumva kuti mwamvetsa chifukwa chake mawu a kuchipinda aja sanayenere kutuluka. Ngati pali pomwe mukuona kuti ndakulitsa, munene, ndimvetsera mpaka mumalize.

Lero ndituluka m'kalasi 5 koloko, ndidzera kumsika kukagula ufa wa mandasi, ndifika cha m'ma 6. Ana akagona tikhale pakhonde lathu, mafoni tisiye m'nyumba. Ndiphika tiyi. Ndili ndi pepala lina la masamu lomwe atibwezera dzulo, ndapeza 44. Lili m'chikwama, sindinakuonetseni.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a ana