Yankho pa za chigayo cha ku Mponela

Achimwene a Phiri,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlamu ndi ana. Zikomo pondiganizira pa nkhani ija yoti titsegule chigayo limodzi ku Mponela. Ndaisinkhasinkha sabata yonse, ndipo yankho langa ndi lakuti sindilowamo.

Ndalama imene munati ndisonkhe, K4 miliyoni, ndi mpamba wonse wa golosale yanga. Ndikaichotsa mashelefu akhala opanda katundu, pomwe ngongole ya banki nkhonde ndimaliza kubweza mu Disembala. China ndi chakuti chigayo chimafuna mwini pafupi. Magetsi akazima makasitomala amapita kwa wa dizilo, sefa ikabooka kapena lamba akaduka pafunika woti agule tsiku lomwelo, ndipo wantchito wa pachigayo akakhala yekha ndalama ya ndowa zina siifika m'kaundula. Ine ndili ku Lilongwe kuno, ntchito yonseyo igwera inu. Ndiye pogawana phindu theka ndi theka, mudzaona ngati ndikukudyerani thukuta, ine n'kumadabwa kuti bwanji mwezi uno zachepa. Sindifuna tidzafike pofunsana malisiti, anthu oti tadyera mbale imodzi kuyambira ku sekondale.

Ganizolo palokha ndi labwino, chimanga kumeneko n'chambiri. Musanalipire mota, pitani ku ESCOM mukatsimikize kuti magetsi a mafezi atatu afika pamalopo, chifukwa kukoka mzere kungathe kudya ndalama yoposa ya chigayo chenichenicho. Amene mulowe naye, mulemberane pangano pamaso pa mboni.

Makina mukagula, galimoto yanga idzanyamula, inu mudzangothira mafuta. Loweruka ndikubwera, auzeni mlamu asaiwale nkhwani wotendera uja.

Ine wanu,
Banda