Phunziro la Masamu la Loweruka, Giredi 8: Kuchoka pa Patani ya Manambala Kufika pa Ikweshoni

Kalasi yathu ya ana a ku Malawi, mu holo ya tchalitchi ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg. Nthawi: mphindi 60. Ana 18.

Amayi aphunzitsi, popeza Loweruka lino ndidzakhala ndili pa basi ya ku Blantyre, ndakulemberani phunziro lonse monga ndikanaliphunzitsira ine. Ana 14 ali Giredi 8, anayi ali Giredi 9 koma mutu uwu unawadutsa. Atatu mwa a Giredi 8 afika chaka chino kuchokera ku Fomu 1 kwathu. Kuwerengetsa amathamanga kuposa anzawo, Chingerezi cha m'kalasi la kuno ndicho chikuwavuta. Fotokozani mu Chichewa, koma chilichonse cholembedwa pa bolodi chikhale monga chimaonekera m'mabuku awo a CAPS, silabasi ya sukulu za kuno ku South Africa, chifukwa Lolemba akabwerera kusukulu akakumana nacho chili choncho.

Cholinga ndi chimodzi: ora likamatha, mwana aone kuti ikweshoni ndi funso la patani lomwe lija, lofunsidwa chobwerera m'mbuyo. Sabata yatha anandiuza okha kuti mapatani amawakonda, "koma zikalowa zilembo mutu umaima". Choncho chilembo musafulumire nacho. Chibwere pamene ana atopa ndi kulemba mawu ataliatali.

Zofunika zili mu kabati: timitengo ta machesi (mitu ndadula kale, mukuwadziwa anyamata aja), choko, ndi timapepala ta funso lomaliza. Magulu akhale 6 a anthu atatu atatu, gulu lililonse timitengo 25. Musawonjezere. Ndawerenga dala kuti tiperewere.

Mphindi 0 mpaka 5

Lembani 5, 8, 11, 14 ndipo funsani nambala yotsatira. Onse anena 17. Funsani ya nambala 50 pamzerewu. Pakhala zii, ena ayamba kuwerenga ndi zala pansi pa desiki. Musayankhe. Nenani kuti, "Tibwereranso."

Mphindi 5 mpaka 20

Gulu lililonse limange sikweya imodzi ndi timitengo 4. Kenako lilumikize yachiwiri pambali pake, khoma lapakati likhale limodzi, ngati zipinda za lendi zogundana. Apitirize mpaka masikweya 5, akulemba m'makope mizere iwiri: pamwamba 1, 2, 3, 4, 5, pansi 4, 7, 10, 13, 16.

Funsani: "Masikweya 10 afuna timitengo tingati?" Timitengo 25 tingofika pa masikweya 8, ndiye ayenera kuganiza. Ndikutsimikiza kuti ambiri anena 32, chifukwa 5 yafuna 16 ndipo 10 ndi 5 kawiri. Yankholi ndi lolakwa koma musalikane ndi pakamwa, mwanayo waganiza ndithu. Itanani magulu awiri, lililonse libweretse masikweya ake 5 pa tebulo limodzi, awagundanitse. Pakati papezeka timitengo tiwiri togona limodzi. Wina achotse kamodzi, awerenge: 31. Apa musathamange, ndi pamene pali phunziro lonse. Afunseni kuti kamtengo katsalako kachokera kuti.

Tsopano mangani nokha pa bolodi mwa njira ina. Jambulani kamtengo kamodzi koimirira kumanzere. Onjezani atatu, sikweya yatsekeka. Onjezani atatu ena, yachiwiri yatsekeka. Ana anene okha kuti sikweya iliyonse imadya timitengo 3, ndipo pali kamodzi koyambira komwe sikabwerezedwa. Lembani:

```
1 × 3 + 1 = 4
2 × 3 + 1 = 7
3 × 3 + 1 = 10
10 × 3 + 1 = 31
```

Masikweya 100? Muwamva akufuula 301, ndipo palibe amene wagwira kamtengo.

Pali mtsikana wina wa ku Turffontein amene amakhala kutsogolo, ameneyo amaona zinthu mwa njira yakeyake. Mwina adzati yoyamba ndi 4, zotsalazo ndi zitatu zitatu, kapena awerenga denga, pansi ndi makoma padera. Zonsezo n'zoona. Zilembeni pakona pa bolodi, ayese ndi 10 aone kuti akufikanso pa 31, koma musasinthe njira ya kalasi lonse lero.

Mphindi 20 mpaka 30

Auzeni alembe lamulo lawo m'mawu. Zituluka zonga izi: "tenga chiwerengero cha masikweya, chulukitsa ndi 3, wonkhetsa 1." Ena alemba "wonkhetsa 3" basi. Awa akuyang'ana mzere wapansi wokha. Afunseni mmene lamulo lawolo lingawafikitsire pa sikweya ya 100 osadutsa pa ya 99.

Lembani lamulo lalitali lija kawiri, pang'onopang'ono, mpaka wina adandaule kuti ndi lotopetsa. Pamenepo nenani kuti: "Mawu akuti chiwerengero cha masikweya tiwapatse dzina lalifupi, n." Fufutani mawuwo, ikani n:

```
n × 3 + 1
3n + 1
```

Samalani ndi 3n. Mwana mmodzi kapena awiri, n ikakhala 5, amalemba 35. Nenani momveka kuti nambala ikagundana ndi chilembo ndiye kuti tikuchulukitsa, chizindikiro changobisika. Ndipo n si sikweya, ndi kuchuluka kwa masikweya. Ndimabwereza zimenezi chifukwa mwana amene waphunzira kuti "n ndi nthochi" amadzavutika nazo mpaka Giredi 10.

Ayesere n = 7, n = 12, n = 40. Mayankho: 22, 37, 121.

Mphindi 30 mpaka 45

Apa ndiye potembenukira. Ikani dzanja m'thumba munene kuti: "Ine ndamanga mzere wanga kunyumba, ndagwiritsa timitengo 61, sipanatsale kalikonse. Ndamanga masikweya angati?"

Apatseni mphindi zitatu osawathandiza. Ena ayesa manambala mmodzimmodzi, ena apitiriza mzere wa 16, 19, 22 mpaka afike. Atatu a ku Fomu 1 aja mwina anena 20 nthawi yomweyo. Funsani mmodzi mmene wachitira. Adzati wachotsa 1, wagawa ndi 3. Funsani chifukwa chake wayamba ndi kuchotsa. Akasowa chonena, akumbutseni za nsapato ndi sokosi: m'mawa sokosi zimayamba, nsapato pambuyo, koma madzulo povula timayamba nsapato. Pomanga tinachulukitsa kenako n'kuwonkhetsa, ndiye pophwasula tiyamba ndi kuchotsa.

Tsopano lembani funso langa lija m'chilankhulo chomwe apanga okha:

```
3n + 1 = 61
```

Auzeni kuti imeneyi ndiyo ikweshoni, ndipo aithetsa kale asanadziwe dzina lake. Funsani kusiyana kwa n wa apa ndi n wa mphindi khumi zapitazo. Poyamba n amatha kukhala 7, 12, 40, aliyense. Tsopano 61 yamumanga, watsala mmodzi yekha woyenera. Mwana akanena zimenezi m'mawu ake, ngakhale mokhotakhota, phunziro lagwira.

Kalembedwe kake kakhale aka, mzere uliwonse pawokha:

```
3n + 1 = 61
3n + 1 − 1 = 61 − 1
3n = 60
3n ÷ 3 = 60 ÷ 3
n = 20
```

Jambulani sikelo ya mbale ziwiri, ya ogulitsa nyama kumsika kwathu ija. Ana obadwira kuno ambiri sanaionepo, amadziwa ya manambala ya m'sitolo, ndiye tambasulani manja muwaonetse: ukachotsa mbali imodzi yokha, inayo imagwa. Chizindikiro cha = chikunena kuti mbali ziwirizi n'zolemera mofanana. Ana ambiri amachiwerenga ngati "yankho likubwera", n'chifukwa chake amalemba 61 − 1 = 60 ÷ 3 = 20 pamzere umodzi. Mukaona zotere, phimbani pakati ndi chala, mufunse ngati 61 − 1 ndi 20.

Mawu akuti "nambala ikawoloka imasintha chizindikiro" musawalole lero, ngakhale a Giredi 9 abwera nawo kuchokera kusukulu. Njirayo imagwira, koma mwana amene sadziwa chifukwa chake amawolotsanso 3 wa mu 3n n'kumusandutsa −3.

Pomaliza atsimikize: 3 × 20 + 1 ndi 61. Ikweshoni iliyonse lero ithe ndi mzere wotsimikizawu.

Wina akafunsa kuti aljebura ndi chiyani, muuzeni mwachidule kuti dzinali linachokera ku liwu la Chiarabu, al-jabr, la m'mutu wa buku lomwe al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo iye analemba zonse m'mawu, opanda chilembo ngati n. Chizindikiro cha = chinabwera mochedwa, mu 1557, ndi Robert Recorde. Ana amasangalala kumva kuti akuluakulu nawo anayamba ndi mawu ataliatali ngati iwo. Mphindi imodzi yakwana.

Mphindi 45 mpaka 55

Awiriawiri, mafunso atatu.

Loyamba: timitengo 91, masikweya angati? (3n + 1 = 91, n = 30.)

Lachiwiri ndi la mu holo momwemo. Tebulo limodzi limakhala anthu 6: awiri mbali iyi, awiri mbali inayo, mmodzi kumutu kulikonse. Matebulo awiri ogundanitsa mutu ndi mutu amakhala 10, atatu 14. Pa msonkhano wa bungwe la maliro pabwera anthu 38. Matebulo angati? Lamulo apeze okha. (4n + 2 = 38, n = 9.) Gulu likakakamira, liuzeni lijambule matebulo atatu, lizunguze anthu amene sawonjezeka.

Lachitatu ndi msampha: timitengo 50. Afika pa 3n = 49 n'kuyamba kukuyang'anani, ena atulutsa foni kuti agawe. Afunseni ngati alipo amene anaonapo mzere wa masikweya 16 ndi kachidutswa. Yankho ndi masikweya 16, kamtengo kamodzi katsala, ndiye kuti 50 mulibe mu patani imeneyi. Nthawi ikachepa siyani loyamba, koma ili lokha musalisiye.

Mphindi 55 mpaka 60

Bwererani ku 5, 8, 11, 14 ya poyamba paja. Gawani timapepala, aliyense payekha: lamulo lake ndi lotani, nambala ya 50 ndi chiyani, ndipo 92 ili pamalo achingati? (3n + 2; 152; n = 30.) Tolerani pakhomo akamatuluka. Musachonge, ingowaikani milu itatu: opeza zonse, opeza lamulo koma osathetsa ikweshoni, ndi olembabe "wonkhetsa 3". Mulu wachitatuwo ndidzayamba nawo ine sabata yamawa.

Ntchito ya kunyumba: mwana ali ndi R50 m'kachitini, ndipo Loweruka lililonse amaikamo R20. Akufuna nsapato za mpira za R290. Alembe ndalama za masabata anayi oyamba, lamulo lake, ikweshoni, ndi sabata yomwe zikwane. (70, 90, 110, 130; 20n + 50 = 290; n = 12.) Kenako apeke funso lake lofanana nalo lodzafunsa mnzake.

Timitengo muwerengenso asanatuluke, tikhale 150. Kiyi wa kabati mukasiye kwa abambo oyang'anira holo, ndipo a kwaya amalowa 11 koloko ndendende, matebulo akhale atabwezedwa kukhoma.