Mawu a Mphunzitsi kwa Ophunzira Atsopano a Buledi ndi Makeke

Amayi ndi abambo, ndakulandirani nonse, makamaka inu amene mwalawirira kuchokera ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama. Lero sitiyatsa uvuni. Pophika nsima, mukaona kuti yafewa mumangowonjezera ufa mpoto uli pamoto, koma keke ikalowa mu uvuni palibenso chimene mungakonze, choncho ntchito yeniyeni ya wophika buledi imachitika chitseko cha uvuni chisanatsekedwe.

Aliyense akalowa m'chipinda chino, asanagwire ngakhale supuni, asambe m'manja ndi sopo pa madzi a pampopi kwa masekondi osachepera 20, akutikita pakati pa zala, kuseri kwa manja ndi pansi pa zikhadabo, kenako apukute ndi kansalu koyera, osati ndi chitenje kapena epuloni. Mudzasambanso mukachokera kuchimbudzi, mukaswa mazira, mukagwira ndalama kapena foni, ndiponso mukayetsemula. Mphete, zibangili ndi mawotchi muzivula, chifukwa mtanda umakanirira pansi pake ndipo tizilombo toyambitsa matenda timabisala momwemo. Zikhadabo zikhale zazifupi ndi zosapaka utoto, tsitsi likhale m'duku kapena m'chipewa, ndipo amene watsegula m'mimba akhale kunyumba, sindidzamulemba kuti wajomba. Ena amati moto wa uvuni umapha zonse, koma kirimu amene timapaka pamwamba pa keke salowa mu uvuni, ndipo buledi akapsa timamugwiranso ndi manja omwewa. Ife a mu Lusaka sitifunika kuuzidwa zambiri, popeza tinaona kolera mu 2018, ndipo mu 2024 bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala cha odwala nthendayi.

Za malo ogwirira ntchito sindichulutsa mawu. Pukutani tebulo musanayambe, ikani zonse zofunika patsogolo panu musanasakanize chilichonse, ndipo tsukani mbale mukangomaliza nayo. Kansalu ka patebulo kasakhudze pansi. Mazira muziswera m'kapu yapadera, limodzi limodzi, kuti dzira lovunda lisawononge mtanda wonse. Chidebe chilichonse chilembedwe dzina, chifukwa soda, bekingi paudala ndi shuga wosalala wa pakeke zimafanana kwambiri m'maso mwa munthu amene akufulumira.

Pa kuyeza ndi pamene ndikufuna kuti titchere khutu. Taonani makapu awiri a fulawa amene ndaika apa. Yoyambayi ndathiramo ndi supuni pang'onopang'ono, kenako ndasalaza pamwamba ndi msana wa mpeni, ndipo sikelo ikuonetsa magalamu 140. Yachiwiriyi ndatapa m'thumba ndi kutsendereza, ndipo ikuonetsa magalamu 175. Kapu ndi yofanana, fulawa ndi yemweyo, koma ngati malangizo akufuna makapu 4, amene watsendereza waikamo kapu ina yathunthu osadziwa, ndipo masikono ake adzatuluka olimba. N'chifukwa chake muno tidzadalira sikelo. Ikani mbale pasikelo, bwezerani sikeloyo pa 0, kenako thirani.

Pamene tikugwiritsa ntchito zoyezera, dziwani kuti supuni yaing'ono ndi mamililita 5, yaikulu ndi mamililita 15, ndipo kapu yathu ndi mamililita 250. Kapu yomwera tiyi kunyumba si muyezo. Mkaka ndi madzi muziyeza jagi ili patebulo, inu mutawerama kuti diso lilingane ndi mzere. Soda akachuluka ngakhale pang'ono, keke imamveka ngati sopo m'kamwa, ndipo bekingi paudala akachuluka imafufuma msanga kenako n'kugwa pakati. Vutoli limakula kuno kwathu chifukwa Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotere mtanda umafufuma mofulumira kuposa mmene mabuku ambiri amanenera.

Kutentha nakonso kumayezedwa. Yisiti ndi chamoyo, ndipo imagwira ntchito bwino m'madzi ofunda a madigiri 35 mpaka 40, koma imafa madzi akafika pa madigiri 60. M'mwezi wa Okutobala mtanda udzakudzidzimutsani ndi kufufuma kwake, pamene mu Juni udzakuchedwetsani, choncho muzilemba m'kope nthawi imene watenga. Amene mukufuna kudzagulitsa, kumbukirani kuti kasitomala amene wakonda sikono Lolemba amayembekezera yofanana nayo Lachisanu, komanso simungadziwe phindu lanu ngati simudziwa kuchuluka kwa fulawa ndi majarini amene mwagwiritsa ntchito.

Tsopano vulani mphete, valani maepuloni, ndipo mufole pampopi awiriawiri. Mukabwerako, aliyense ayeze magalamu 500 a fulawa ndi magalamu 10 a mchere, ndipo ine ndidutsa patebulo lililonse kudzaona sikelo.