Momwe lenzi imapangira tilansifomu ya Fourier: manotsi oti muwerenge tisanalowe mu labu

Anzanga a kosi ya mafunde a kuwala, zomwe munaphunzira kale zoti lenzi imasonkhanitsa kuwala pa fokasi ndi zoona, koma lero tifuna tione chifukwa chake pogwiritsa ntchito mafunde. Mfundo yake ndi imodzi basi: lenzi imafafaniza kachidutswa kamodzi kovuta mu fomula ya Fresnel, ndiye chotsalacho ndi tilansifomu ya Fourier. Zina zonsezi ndi masamu ongotsatira.

Tiyambe ndi lenzi payokha. Lenzi yopyapyala siichepetsa mphamvu ya kuwala, imangochedwetsa funde, pakati pomwe galasi ndi lonenepa funde limachedwa kwambiri, m'mphepete limachedwa pang'ono. Kuchedwa kumeneku ndi komwe timati fezi. Ngati kuwala sikukupatuka kwambiri kuchoka pa mzere wapakati, lenzi imachulukitsa funde ndi ichi, pomwe k = 2π/λ, λ ndi kutalika kwa funde, ndipo f ndi mtunda kuchoka pa lenzi kufika pa fokasi:

```
t(x,y) = exp[-ik(x² + y²)/(2f)]
```

Onetsetsani mainasi uyo, ndi amene agwire ntchito yonse.

Tsopano ikani silaidi yanu mogundana ndi lenzi, muiwunikire ndi leza yomwe mwaitambasula kuti funde likhale lafulati. Funde lotuluka pa silaidi tilitche U(x,y), likadutsa lenzi lakhala U·t. Kenako liyende mtunda z mpaka pa sikirini, pomwe malo tiwatcha (u,v), ndipo Fresnel akuti:

```
V(u,v) = exp(ikz)/(iλz) · exp[ik(u² + v²)/(2z)]
 · ∬ U·t · exp[ik(x² + y²)/(2z)]
 · exp[-i2π(xu + yv)/(λz)] dx dy
```

Apa ndi pofunika kufatsa. M'kati mwa intigilo muli fezi ya mtunda yokhala ndi pulasi, ndi fezi ya lenzi yokhala ndi mainasi, zonse zili ndi x² + y², ndiye mukangoika sikirini pa z = f ziwirizi zimadyana, chotsala ndi 1. Intigilo yatsala ndi U kuchulukitsa exp[-i2π(xu + yv)/(λf)], imeneyo ndiye tilansifomu ya Fourier, ndipo fulikwense yake ndi

```
fx = u/(λf),   fy = v/(λf)
```

Kunena kwina, patani ya Fraunhofer yomwe mukanayenera kukaiona kutali kwambiri, lenzi yaikokera pafupi pa tebulo pomwepo. Mungaganizenso chonchi: U ndi mulu wa mafunde afulati opita kumbali zosiyanasiyana, lenzi imatenga funde lililonse nkuliponya pa kadontho kakekake. Mizere yothithikana pa silaidi imapatutsa kuwala kwambiri ndiye imagwera kutali ndi pakati, zosalala zimagwera pakatikati.

Koma sitinathe. Kunja kwa intigilo kwatsalabe exp[ik(u² + v²)/(2f)]. Diso ndi kamera sizikaona kachidutswa kameneka chifukwa zimangoyeza |V|², nchifukwa chake ambiri amakaiwala, mpaka tsiku lomwe aike lenzi yachiwiri kapena apange intafilensi nkumadabwa kuti zalakwika pati. Mukasuntha silaidi kuti ikhale mtunda d patsogolo pa lenzi, fezi yotsalayo imakhala

```
exp[ik(1 - d/f)(u² + v²)/(2f)]
```

ndiye pa d = f yatheratu. Silaidi pa fokasi yakutsogolo, sikirini pa fokasi yakumbuyo, tilansifomu yake ndi yeniyeni, fezi ndi ampilichudi zomwe. Kufika pa fomula iyi ndi homuweki yanu, gwiritsani ntchito Fresnel kawiri, osangokopera yankho.

Manambala a mu labu ndi awa. Leza ya He-Ne ili ndi λ = 632.8 nm, lenzi yathu f = 200 mm. Giletingi ya mizere 50 pa milimita ipereka madontho otalikirana λ·f·50, yomwe ndi 6.3 mm, mutha kuyeza ndi lula wamba. Kampata kopingasa a = 0.1 mm kapereka patani ya sinc, mdima woyamba pa λf/a, pafupifupi 1.27 mm kuchoka pakati. Mukachepetsa kampatako patani imatambasuka. Sunthani giletingi cham'mbali muone, madontho sasuntha ayi, imasintha ndi fezi yokha, ndipo kwa ine iyi ndi demo yomwe imakhutiritsa kuposa masamu onse ali pamwambawa.

Lenzi ili ndi malire, mafunde opatuka kwambiri amaiphonya nkudutsa pambali, ndiye mafulikwense apamwamba amatayika. Ernst Abbe anafotokoza zimenezi mu 1873 pa nkhani ya maikulosikopu, kuti chithunzi chimaoneka bwino malinga ndi kuchuluka kwa kuwala kopatuka komwe lenzi yakwanitsa kugwira.

Sabata yamawa tiika lenzi yachiwiri kupanga sisitemu ya 4f, chithunzi chidzabwerera chozondoka, ndipo tidzatseka madontho ena pakatipo ndi kapepala kakuda tione chomwe chisowe pa chithunzi. Mubwere mutawerengetsa kale pomwe madontho a giletingi ya mizere 100 pa milimita adzagwere, ndipo leza musamaiyang'ane m'maso chonde.