Yankho la kalata yanu yokhudza funso 6 pa mayeso a sayansi

Okondedwa Mayi,

Ndalandira kalata yanu imene mwana wanu anandipatsira Lolemba m'mawa, ndipo ndaiwerenga mofatsa. Zikomo kuti munalemba m'malo mongosunga nkhaniyi kumtima. Pepani kuti papita masiku awiri ndisanayankhe. Ndinkafuna ndiyambe ndaonanso pepala lake bwinobwino, komanso ndinapempha mphunzitsi mnzanga wa sayansi kuti achonge funsoli payekha, nditaphimba dzina la mwana ndi malikisi amene ndinapereka. Nayenso sanapereke malikisi. Choncho ndikuuzeni poyambirira pomwe kuti malikisi a funso 6 sasintha, ndipo mwana wanu akhalabe ndi 41 pa 50. Koma muli ndi ufulu wodziwa chifukwa chake, ndipo pali malo awiri pamene ine ndinalakwitsa.

Funso linali lotere: "Supuni yachitsulo ndi supuni yamtengo zagona usiku wonse patebulo limodzi m'chipinda chimene kutentha kwake ndi madigiri 20. M'mawa mwake, yachitsulo ikumveka yozizira kwambiri ukaigwira. Fotokozani chifukwa chake." Linali la malikisi atatu. Mwana wanu analemba kuti: "Chifukwa chitsulo ndi chozizira kuposa mtengo, ndipo kuzizira kwake kumalowa m'dzanja."

Mwanena m'kalata yanu kuti munatenga masupuni awiri kukhitchini, munawagwira nokha, ndipo wachitsuloyo analidi wozizira. Sindikukutsutsani pa zimene dzanja lanu linamva. Langanso limamva chimodzimodzi, ndipo funso lenilenilo likuvomereza kale kuti yachitsulo imamveka yozizira. Chimene linkafuna ndi chifukwa chake, ndipo apa ndi pamene yankho la mwana wanu linaphonya: masupuni awiriwo sasiyana kutentha ngakhale pang'ono. Chinthu chilichonse chimene chakhala nthawi yaitali m'chipinda, popanda moto kapena dzuwa lochiwomba, chimafika pa mulingo wa kutentha wa chipindacho. Tebulo, buku, msomali, nsalu, zonse zimakhala pa madigiri 20 omwewo. Mawu akuti "usiku wonse" ndinawaika dala m'funsomo kuti mwana akumbukire zimenezi. Tinaziyesa m'kalasi milungu itatu mayeso asanachitike. Tinamata themomita pa supuni iliyonse ndi tepi, tinadikira, ndipo onse awiri anaonetsa 21. Mukatsegula kope la mwana wanu mupeza manambala awiriwa atalembedwa ndi dzanja lake lomwe, ndipo pambali pake anajambula chizindikiro cha funso chachikulu. Ndikukumbuka tsikulo anakana kukhulupirira, mpaka anapempha kuti tisinthanitse mathemomitawo poganiza kuti imodzi ndi yowonongeka. Tinasinthanitsa, ndipo sizinasinthe.

Nanga dzanja limamva chiyani? M'kati mwa thupi la munthu kutentha kumakhala pafupifupi madigiri 37, ndipo khungu la m'manja limakhala pansi pa pamenepo pang'ono, cha m'ma 30 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye kuti dzanja ndi lofunda kuposa supuni zonse ziwiri. Kutentha kumayenda kuchoka pa chinthu chofunda kupita pa chozizira, choncho mukagwira supuni iliyonse, dzanja lanu ndi limene likutaya kutentha. Kusiyana kuli pa liwiro. Chitsulo chimalandira kutenthako n'kukupititsa msanga m'thupi lake lonse, mpaka kumchira kwa supuni, kotero malo amene chala chagwira safunda msanga ndipo amapitiriza kukoka kutentha kwina. Khungu limazizira mofulumira, misempha ya pakhungu n'kuuza ubongo kuti "chozizira". Mtengo suyendetsa kutentha bwino. Kachigawo kakang'ono kamene chala chakhudza kamafunda nthawi yomweyo, kutenthako kumangokhala pomwepo, ndipo dzanja silitayanso kwambiri. Chitsulo cha masupuni ambiri chimayendetsa kutentha mofulumira pafupifupi ka 100 kuposa mtengo wouma, ndipo aluminiyamu ndi kopa zimaposa pamenepo kutali. Khungu lathu siliyeza kutentha kwa chinthu ngati themomita. Limatiuza mmene lokha likuzizirira kapena kufundira.

Malikisi atatuwo anali ogawidwa motsatira mfundo zomwezi: imodzi ponena kuti masupuni ali pa mulingo umodzi wa kutentha, ina ponena kuti kutentha kukuchoka m'dzanja kupita m'supuni, yachitatu ponena kuti chitsulo chimayendetsa kutentha msanga kuposa mtengo.

Tsono ndifike pa mfundo yanu imene yandiganizitsa kwambiri. Mwafunsa kuti bwanji sindinamupatse ngakhale imodzi, poti anatchula kuti pali chinachake chimene chikuyenda pakati pa supuni ndi dzanja. Kunena zoona, tsiku lochonga ndinaima nthawi ndithu pa chiganizo chimenecho, cholembera chili m'manja. Mwana anaona kuti pali kuyenda, ndipo kumeneko ndi kuganiza kwabwino. Koma anatembenuza njira yake, komanso chimene anati chikuyendacho kulibe. Kuzizira si chinthu chimene chimasamuka n'kulowa kwina. Ndi kuchepa kwa kutentha basi, monga mmene mdima uliri kusowa kwa kuwala. Polankhula tonsefe timati "tseka chitseko, kuzizira kukulowa", ndipo palibe cholakwika kulankhula choncho pakhomo. Pa mayeso a sayansi, funsoli linaikidwa makamaka kuti lione ngati mwana wasiya ganizo limenelo. Ndikanapereka malikisi pamenepo, ndikanakhala ndikumuuza kuti theka la ganizo lake ndi lolondola, chikhalirecho theka limenelo ndi lomwe liyenera kuchoka. Chaka chamawa adzaphunzira mmene firiji imagwirira ntchito, ndi chifukwa chake bulangete limafunditsa munthu ngakhale lilibe moto. Mwana amene akukhulupirirabe kuti kuzizira kumalowa amavutika nazo zonsezi, chifukwa firiji siipanga kuzizira koma imatulutsa kutentha kunja, ndipo bulangete limangochedwetsa kutentha kwa thupi kuti kusathawe.

Pa za mnzake amene mwamva kuti analemba mzere umodzi wokha, zilembo zokhotakhota, koma anapeza malikisi awiri, sindingakambe za pepala la mwana wa munthu wina, monganso sindingakambe za pepala la mwana wanu kwa kholo lina. Ndingonena kuti pa funsoli sindinkachonga kukongola kwa zilembo kapena kutalika kwa yankho. Aliyense amene analemba kuti chitsulo chimachotsa kutentha m'dzanja mwachangu anakhudza mfundo ziwiri mwa zitatu zija, ngakhale atalemba mothamanga. Komanso mwana wanu sanali yekha. Ana 11 m'kalasimo anayankha mofanana naye, ndipo onse ndinawachonga chimodzimodzi. Ndikasintha kwa mmodzi ndiyenera kusintha kwa onse, ndipo ndikhala ndapereka malikisi pa yankho lolakwa ka 12.

Nambala imeneyi ikunena za ine kuposa za anawo, ndipo apa ndi pamene ndikupepesa. Ana ochuluka chonchi akaphonya malo amodzi, ndiye kuti phunziro silinakhazikike. Ndinawaonetsa themomita kamodzi n'kupitirira, ngati kuti nambala imodzi ingagonjetse zimene dzanja lakhala likuwauza chibadwire. Chinanso, pa pepala la mwana wanu ndinangoika mtanda wofiira popanda liwu lililonse lofotokoza. Mwati analira atafika kunyumba, ndipo chinamupweteka kwambiri n'chakuti sanadziwe chimene analakwitsa. Zimenezi zandikhudza. Mwana wakhama ngati iyeyu sankayenera kulandira mtanda wopanda mawu, ndipo inunso simukanavutika kulemba kalata ndikanalembapo mizere iwiri yokha.

Ndikupempheni kuti muchite naye kanthu kena kunyumba, masupuni aja akadali pafupi. Tengani tizidutswa tiwiri ta ayisi tofanana kukula. Kamodzi muike pa poto wachitsulo wovundikira, kena pa thabwa louma, zonse zikhale kuti zakhalitsa m'chipinda chimodzi. Musanayambe, mumufunse kuti kayambe kusungunuka ndi kati, ndipo alembe yankho lake papepala. Ngati chitsulo chikanakhala chozizira kuposa mtengo, ayisi akanakhalitsa pa poto. Chimene muone ndi chosiyana: wa pa poto ayamba kutsetsereka m'madzi ake omwe, wa pa thabwa akadali pafupifupi wathunthu, chifukwa chitsulo chikumubweretsera kutentha mwachangu. Kenako tsiku lina la dzuwa lamphamvu muike masupuni awiri aja panja kwa kanthawi, ndipo awagwire mosamala. Pamenepo yachitsulo imveka yotentha kwambiri, chifukwa tsopano yafunda kuposa khungu ndipo kutentha kukulowa m'dzanja mofulumira. Chitsulo chomwecho, khalidwe lomwelo, njira yokha ndiyo yatembenuka. Musamuuze yankho msanga. Musiyeni azunguzike nazo pang'ono, chifukwa ndamuona kuti akapeza chinthu yekha sachiiwala.

Inenso ndibwereza mutuwu Lachinayi ndi kalasi yonse. Tidzagwiritsa ntchito ndodo zitatu, yakopa, yachitsulo ndi yagalasi, zopakidwa phula la kandulo, ndipo tidzaviika nsonga zake m'madzi otentha kuti tione phula likusungunuka mtunda wosiyana pa ndodo iliyonse. Njira imeneyi ndi yakale ndithu. Jan Ingenhousz, dokotala wa ku Netherlands, anaigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1780 poyerekeza zitsulo zosiyanasiyana, ndipo mpaka pano imagwira bwino chifukwa mwana amaona ndi maso kutentha kukukwera. Sabata yotsatira padzakhala kamayeso kakafupi pa mutu womwewu, ndipo malikisi ake adzawerengedwa pa zotsatira za teremu ino kwa ana onse. Umenewo ndi mwayi wake wobweza zimene anataya.

Musalole kuti funso limodzili liphimbe pepala lonse. Pa funso 9, la magetsi, iye ndi amene anafotokoza momveka bwino kuposa onse chifukwa chake babu limodzi likapsa pa mzere wolumikizana motsatana ena onse amazima, ndipo anapeza malikisi onse asanu. Mumuuze kuti ndatero.

Ngati mukuonabe kuti sindinachite chilungamo, mungathe kupempha a mkulu wa gawo la sayansi kuti aone pepalalo, ndipo ine ndilipereka pamodzi ndi ndondomeko yochongera popanda kudandaula. Ndimapezekanso Lachitatu ndi Lachisanu ana akaweruka, kuyambira 3 koloko. Mukabwera mubwere naye, ndipo atenge kope lake lija komanso pepala limene adzalembepo za ayisi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wake wa sayansi