Kuvomera malo a maphunziro a 2026 ndi za mapepala otsala

Rosettenville, Johannesburg
20 Okutobala 2025

Mayi a ku ofesi yolandira ophunzira akunja,

Ndine Tadala, amene munalankhula nane pa foni Lachinayi lapitali. Nambala yanga ya ku koleji ndi 2604417. Poti munandiyankha m'Chichewa nditakakamira Chingerezi, ndaona kuti ndifotokoze m'chinenero chathu kuti pasakhale mawu opotoka. Fomu yovomera ndasaina monga munaitumizira, ili pamodzi ndi imelo ino.

Malowo ndawavomera, maphunziro a chaka chimodzi a zowerengera ndalama, oyamba Febuluwale 2026. Marandi 2,500 osungitsira malo achimwene anga alipira Loweruka, lisiti ndaiphatikiza.

Kalata yanu ya pa 14 Okutobala ndinayamba kuiwerenga ndi chimwemwe chokhachokha, mpaka ndinaimbira mayi kumudzi ndisanafike tsamba lachiwiri. Nditakhala pansi usiku ndi cholembera m'pamene ndinaona kuti malowa sanakhale anga. Ndamva motere, ndipo mundiwongole ngati ndalakwa: kuvomera kufike pasanadutse pa 31 Okutobala, mapepala asanu afike pasanadutse pa 28 Novembala, akapanda kufika malo apita kwa wina.

Pa asanuwo, lero ndatumiza limodzi lokha, kope la pasipoti lodindidwa ku polisi sabata yatha.

Satifiketi ya MSCE ili ku Ntcheu. Pofunsira malo ndinatumiza kapepala ka zotsatira, koma satifiketi yeniyeni yochokera ku MANEB mayi anaisunga pansi pa sutikesi, mu pulasitiki imodzi ndi makadi athu a sikelo, ndipo anakanitsitsa kuipereka kwa kondakitala amene sakumudziwa. Aipatsira mayi ena a ku mpingo kwathu amene afike pa Park Station Loweruka pa 25. Lolemba lake ndikadinditsa kope n'kukutumizirani. Mukaiona mupeza kuti dzina la makolo lili ndi h, pamene mu pasipoti mulibe. Cholakwacho ndi changa, ndinalemba choncho polembetsa mayeso ndili Fomu 4. Ndikalumbira pamaso pa wolumbiritsa kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, chikalatacho chibwere pamodzi ndi kope.

Chondisowetsa tulo ndi chikalata cha bungwe la SAQA chosonyeza mulingo wa MSCE yanga pa maphunziro a kuno. Sindingapemphe ndilibe satifiketi m'manja, choncho pempho lilowa pa 27 kapena pa 28 Okutobala. Kuchokera pamenepo kufika pa 28 Novembala ndi mwezi umodzi basi, ndipo ntchitoyo siili m'manja mwanga kuti ndinene kuti ndiifulumizitsa. Sindikufuna kukulonjezani tsiku lomwe sindingalisunge. Kodi mungalandire umboni woti ndapempha ndi kulipira, chikalata chenicheni n'kudzabwera tisanalembetse? Ngati yankho lili kwa akuluakulu ena, ndiuzeni woti ndimulembere.

Za medikolo edi, ndinali ndi maganizo ogula inshulansi yotchipa kwathu, koma ndime yachinayi ya kalata yanu yanena poyera kuti ikhale ya bungwe lolembetsedwa muno mu South Africa, yolipiriratu. Achimwene alipira akalandira malipiro a mwezi uno, ndipo chikalata chake mudzachiona pofika pa 7 Novembala.

Chomaliza ndi viza ya maphunziro. Ndili kuno ngati mlendo, masiku anga 30 akutha pa 9 Novembala, ndipo mlendo saloledwa kusinthira viza yake muno. Ndinyamuka pa 5 kukapempha ku Lilongwe, komwe ndikatengenso chikalata cha ku polisi ku Area 30 ndi cha dokotala. Apa ndiye ndikufuna thandizo lanu ndisanakwere basi. Popempha viza pamafunika kalata ya koleji yotchula kutalika kwa maphunziro, komanso lonjezo la koleji loti idzadziwitsa boma ndikalembetsa kapena ndikasiya. Kalata ya pa 14 ija ilibe zonse ziwirizi. Chonde ndikonzereni ina yodinda, ndibwera kudzaitenga ndekha tsiku lililonse lisanafike la 4 Novembala.

Kunena zoona, viza yoti ndiyambe kuipempha pakati pa Novembala sindikuona ikutuluka pofika pa 28. Ndime yachisanu ikuti viza ionetsedwe "polembetsa", pamene m'ndandanda wa pa tsamba lomaliza yaikidwa pamodzi ndi mapepala a pa 28 Novembala. Ndigwire mawu ati? Ndikupempha yankho lolemba, chifukwa achimwene akufuna aone ndi maso awo asanalipire medikolo edi ya chaka chathunthu.

Ndikakhala ku Malawi nambala ya foni ya kuno sidzagwira, koma imelo ino ndizidzaiona madzulo aliwonse.

Zikomo kwambiri, mayi.

Ine mwana wanu,
Tadala