Mphwanga, tiye tisiyanitse maikulopulosesa ndi maikulokontolola

Mphwanga, uthenga wako ndauwerenga ndili pansi pa mtondo kuno ku Nchalo, dzuwa likuswa mtengo monga mwa masiku onse mu Novembala. Ukuti aphunzitsi anakufunsa kusiyana kwa maikulopulosesa ndi maikulokontolola, iwe n'kuyankha kuti ina ndi yaikulu, ina yaing'ono. Sunaname kwenikweni, koma yankho limenelo silingakuthandize tsiku limene mlimi adzakupatse ndalama zake kuti umupangire chinthu. Funso loti uzidzifunsa ndi ili: m'kati mwa tchipi imeneyi muli chiyani, ndipo n'chiyani chimene ndiyenera kuwonjezera kunja kuti igwire ntchito?

Maikulopulosesa ndi ubongo wokhawokha. Imawerengera, imayerekeza manambala, imatsata malangizo mothamanga kwambiri, koma ilibe posungira pulogalamu, ilibenso ramu yokwanira yogwirira ntchito. Zonsezo umaziika pambali pake pa bodi, n'kuzilumikiza ndi tinjira ta kopa. Ganiza za thalakitala yokoka nzimbe: mphamvu ili nayo yosasimbika, koma popanda ngolo sinyamula ngakhale phesi limodzi. Yoyamba kugulitsidwa pamsika inali Intel 4004 ya mu 1971, ya matilanzisita 2,300, ndipo inapangidwira makina owerengera. Zidzukulu zake ndi zimene zili mu laputopu yako.

Maikulokontolola ili ngati njinga ya kabaza: chishalo, kaliyala, mabuleki, zonse pamodzi, ungokwera n'kupalasa. Ubongo, memole ndi zipata zolankhulira ndi zinthu zakunja zili mu tchipi imodzi. Ndili nayo m'manja muno ATmega328P, ija ya pa Arduino Uno, kakuda kotalika ngati chala, ka miyendo 28. M'katimo muli fulashi ya makilobaiti 32 yosunga pulogalamu, ramu ya makilobaiti 2 okha, zowerengera nthawi, ndiponso kagawo kosandutsa voteji kukhala nambala kuyambira 0 mpaka 1023. Pa bodi ya Uno imathamanga pa mamegahezi 16. Ukaiyerekeza ndi laputopu uona ngati palibe chimene ingachite, koma tamvera.

Chaka chatha mayi wina wa dimba la chimanga kufupi ndi Shire anadandaula kuti pampu yake ya sola imangopopa ngakhale dothi lakhuta madzi. Ndinazika sensa ya chinyezi m'nthaka, waya wake n'kuulowetsa pa mwendo wa A0, ndipo mwendo wa 8 ndinaulumikiza ku rile yoyatsa pampu. Sensa imeneyo imakweza nambala dothi likamauma. Mtima wa pulogalamu yonse ndi uwu:

```
if (analogRead(A0) > 700) digitalWrite(8, HIGH);
else digitalWrite(8, LOW);
```

Kabokosi kameneko kali pa nsanamira mpaka lero. Batire likafooka usiku kamazima, m'mawa moto ukabwera kamadzuka nthawi yomweyo n'kupitiriza ntchito, chifukwa pulogalamu imakhala mu fulashi ndipo palibe china choti kayambe kadikira. Apa m'pamene ndikufuna ugwiritsitse. Ndikanaika Raspberry Pi 4, yomwe imayenda ngati kompyuta yeniyeni, ikanafuna memole khadi, ikanafuna Linux, ikanatenga kanthawi kuti idzuke, ndipo tchaja yake ndi ya mavoti 5, maampu 3. Kuizimitsa mwadzidzidzi kawirikawiri kumatha kuwononga zimene zili pa khadi. Ndani angayende kuchoka ku Nchalo kukakonza khadi m'dimba, msewu utadulidwa ndi madzi mu Febuluwale?

Komatu usaiderere maikulopulosesa. Ukafuna kamera yoyang'ana mlingo wa madzi pa mlatho, yosunga zithunzi ndi kuzitumiza pa intaneti, makilobaiti 2 aja sangasunge ngakhale chithunzi chimodzi chabwino. Pamenepo pamafunika ubongo wothamanga, ramu yambiri yakunja, ndi opaleting'i sisitemu yogawa nthawi ku mapulogalamu angapo. Mtengo umakwera, moto umadyeka wambiri, ndipo kutentha kwa kuno kwathu, kopitirira madigiri 40, kumafuna kuti uganizirenso zoiziziritsa.

Ndikuchenjeze chimodzi, poti mayeso amakonda malire owongoka pamene zinthu zenizeni sizili choncho. RP2040 ya pa Raspberry Pi Pico imatchedwa maikulokontolola, koma fulashi yake ili pa tchipi ina pambali. Tchipi ya mu foni yako yaphatikiza zinthu zambiri pamodzi, komabe imayendetsa Android ngati kompyuta. Ukakumana ndi zotere tsegula detashiti, chikalata chofotokoza za tchipiyo, uone memole ili kuti, miyendo yake imachita chiyani, ndipo imadya moto wochuluka bwanji.

Ukabwera pa holide utenge matimita yako. Tikatsikira limodzi ku dimba kuja, ukayeze wekha moto umene kabokosi kaja kamadya, kenako tidzayeze wa Pi ili pa shelefu panga. Amayi akupereka moni.